Ayezi wofiirira pakona ya paketi ya nkhuku: yapsa ndi filiza kapena inasungunukapo?

Funso: Ndimaphika tchipisi ndi nkhuku ku Lilongwe. Bambo amene amandigulitsa ziwalo za nkhuku anditumizira chithunzi ichi pa WhatsApp. Ndi paketi ya kufakitale ya makilogalamu 5, yosatsegula, ndipo atsitsako mtengo. M'katimo muli ayezi wambiri woyera, ntchafu zina zili ndi zigamba zotuwa, pakona pali ayezi wofiirira. Iwo akuti yangopsa ndi filiza basi. Ine ndikukayikira kuti inasungunukapo n'kuundananso. Ndidziwa bwanji ndisanatumize ndalama?

Yankho: Mayi, chithunzichi ndachikulitsa mbali zonse, ndipo bambowo sakunama, kungoti anena theka. Kupsa ndi filiza kulipodi. Koma paketiyi inasungunukaponso, ndipo umboni wake uli pakonapo. Kuchuluka kwa ayezi kusakutengeni mtima. Muziyang'ana pamene ayeziyo wakhala ndi mmene waumbikira, chifukwa m'paketi ya nyama ayezi amabwera m'njira ziwiri, ndipo iliyonse imasiya chizindikiro chakechake.

Tiyambe ndi woyerayo. M'chithunzi chanu wamatirira kukhoma la pulasitiki cham'kati, makamaka kumtunda kumene paketi yafufuma ndipo siikukhudza nyama. Ndi wambuu, wa timinga tating'onoting'ono, wooneka kuti mutaugwira ungoyoyoka. Ayezi wotere sanakhalepo madzi oyenderera. Anachoka m'nyamamo ngati nthunzi. Paja zovala zimauma pachingwe ngakhale mu Juni, kuli mitambo ndi chisanu, bola mphepo ikhale youma. M'filiza mumachitikanso zomwezo: ayezi wa pamwamba pa nyama amasanduka nthunzi osayamba wasungunuka, nthunziyo n'kukamata pamalo ozizira kwambiri amene yawapeza.

Chimene chimafulumizitsa zimenezi ndi kukwera ndi kutsika kwa kuzizira. Filiza ikatenthako pang'ono, kaya chifukwa chotsegulatsegula kapena magetsi athima kwa maola ochepa, nyama nayo imatenthako ngakhale ikadali gwaa. Filiza ikayambanso kugwira ntchito, pulasitiki imazizira msanga kuposa nyama, popeza ndi yopyapyala ndipo ili kunja. Ndiye nthunzi imachoka panyama kupita papulasitiki. Ulendo wotsatira zimachitikanso, ndipo madzi amene achoka sabwerera m'minofu. Ayezi woyera amene mukumuonayo ndi madzi a nkhuku yomweyo, amene munayenera kugula ali m'nyama.

Pamene madziwo achoka pamatsala timabowo tosaoneka ndi maso, ndipo timabowoto ndi timene timachititsa kuti malowo aoneke otuwa. Zigamba zija ndi zimenezo. Ndawerenga ntchafu zitatu zimene zili nazo, zonse zili pamwamba, pansi penipeni pa malo ofufuma aja. Taonani kuti zigambazo sizikunyezimira. Zili m'mbali ndi m'nsonga, khungu lakwinyika pang'ono, ndipo malire ake ndi nyama yabwino akuoneka bwinobwino. Kupsa ndi filiza kumatsata mpweya: pamene pulasitiki yang'ambika, pamene yasiyana ndi nyama, m'nsonga za mapiko, m'mphepete mwa chidali. Simungakupeze pamene ntchafu ziwiri zagundana, kapena pamene pulasitiki yamata nyama bwinobwino. Pankhuku zigambazo zimakhala zoyererako kapena zachikasu chotuwa, panyama ya ng'ombe zimadera ku bulauni, ndipo pansomba yosenda zimayera m'mphepete n'kumaoneka ngati zayamba kunyenyeka.

Nyama yotere siidwalitsa. Malo opsawo amangolimba, satenganso madzi ngakhale muwiritse bwanji, ndipo mafuta ake amayamba kafungo kachikale chifukwa mpweya walowa m'timabowo tija. Mumangodulapo ndi mpeni n'kuphika yotsalayo. Zikanakhala zokhazi, ndikanati nenererani mtengo mugule.

Tsopano pakona paja. Ayezi wa pamenepo ndi wamtundu wina. Ndi wolimba, wosalala, wonyezimira, ndipo wadzaza kona yonse mpaka m'makwinya a pulasitiki. Pamwamba pake ndi pathyathyathya. Nthunzi siingachite zimenezi. Chimene chimatsikira pansi, kudzaza kona, n'kukhala ndi pamwamba posalala, ndi madzi okha. Mtundu wofiirirawo ukusonyeza kumene madziwo anachokera. Ambiri amati ndi magazi, koma mbali yaikulu ndi madzi a m'minofu osakanikirana ndi puloteni imene imapatsa nyama mtundu wake. Nthunzi imachoka yoyera, siinyamula mtundu. Choncho ayezi aliyense wofiirira kapena wachikasu amene mungamuone m'paketi anayendapo ali madzi.

Pali funso limodzi lofunika kufunsa musanagamule: madziwo anayenda liti? Munthu akapha nkhuku pakhomo, kuzitsuka, kuziponya m'jumbo zili zonyowa n'kuzilonga zambiri m'filiza nthawi imodzi, za pakati zimatha tsiku kapena kuposerapo zisanaundane. Nthawi yonseyo madzi amakhala akutsikira pansi pa jumbo. Ayezi wofiirira wa m'jumbo yotere sakutanthauza kuti nkhukuyo inasungunukapo; mwina inangochedwa kuundana poyamba. Ndimaona anthu akubweza nkhuku zabwinobwino za alimi ang'onoang'ono pa chifukwa chimenechi.

Paketi yanu ndi yosiyana. Pachikutopo ndikuona zilembo IQF. Zimatanthauza kuti chiwalo chilichonse chinaundanitsidwa pachokha, mwachangu, chisanalowe m'paketi. Ziwalo zinalowa zili kale gwaa, zosagwirana, moti paketi yabwino mukaigwedeza zimagubuduka m'katimo. Panalibe madzi oti n'kutsikira pakona tsiku limene inamatidwa. Ngati lero alipo, anatuluka pambuyo pake, ndipo sakanatuluka nyama isanafewe.

Zinthu zina ziwiri m'chithunzimo zikuvomereza. Choyamba, ziwalo za m'munsi zagwirana n'kukhala chibuma chimodzi, ndipo pakati pake pali ayezi woonekera amene wazilumikiza. Ntchafu imene ili pansi penipeni yaphwatalala mbali imodzi, ndipo khungu lake lili ndi mizere ya makwinya a pulasitiki. Ntchafu yolimba siiphwatalala, ngakhale muisanjikize makatoni angati. Inafewa, inakanikizidwa ndi zinzake, kenako inaumbika momwemo. Chachiwiri, kona imene ili ndi ayeziyo ndi ya kumutu kwa paketi, pafupi ndi pamene anamata, osati kumunsi. Zikusonyeza kuti pamene inkasungunuka inali itagona mopendekeka, mutu uli pansi. Bambowo aiimika bwino pojambula, koma ayeziyo akulozabe mmene inagonera. Mukaona pamwamba pa ayezi pali popendekeka poyerekeza ndi mmene paketi yakhalira, dziwani kuti inasunthidwa itaundananso.

Pali kamalo kena kamene ndikufuna mukulitse pafoni yanu, pantchafu yachitatu, ya kumanzere. Chigamba chake chotuwa chaphimbidwa theka ndi ayezi woonekera, wokhala ngati madontho amene anaima panjira. Malo opsa ndi filiza ndi malo amene madzi anachoka, ndiye ayezi wosalala pamwamba pake anabwera mochedwa. Ndi ayezi woyera uja amene anasungunuka, kudontha, n'kuundananso. Apa tikutha kuona ndondomeko yake: paketi inakhala nthawi m'filiza yosakhazikika mpaka inapsa, kenako inasungunuka, kenako inaundananso, ndipo ayezi woyera watsopano wameranso pamwamba. Ayezi woyera wochuluka choncho samera usiku umodzi, choncho kusungunukako si kwa dzulo.

Mwina mungafunse kuti vuto n'chiyani, poti nyama yaundananso. Pali mavuto awiri, ndipo chithunzi chimaonetsa limodzi lokha.

Loyamba ndi la kakomedwe. Pafupifupi magawo atatu mwa anayi a nyama ya nkhuku ndi madzi. Madziwa amayamba kuundana pa -1°C kapena -2°C, ndipo ambiri amaundana nyama ikamadutsa pakati pa -1°C ndi -5°C. Ikadutsa pamenepa mwachangu, timibulu ta ayezi timakhala tating'ono ndipo timakhala m'kati mwa minofu. Ikadutsa pang'onopang'ono, timibuluto timakhala towerengeka koma tikulutikulu, timamera pakati pa minofu n'kumaikankha ndi kuing'amba. Zimenezi ndi zimene Clarence Birdseye, wamalonda wa ku Amereka, anaona ku Labrador, ku Canada, kumene anapita mu 1912: nsomba zoundana nthawi yomweyo m'chisanu choopsa cha kumeneko zinkakoma ngati zaziwisi zikasungunuka, ndipo mafakitale a zakudya zoundanitsa mwachangu anayambira pa nzeru imeneyo. Paketi yanu inaundana mwachangu kufakitale, koma kachiwiri inaundana pang'onopang'ono m'filiza ya pashopu kapena ya pakhomo. Phindu la kufakitale lija linathera pomwepo. Mukaisungunula idzatulutsa madzi ambiri m'beseni, nyama idzakhala yofewa mosasangalatsa isanaphikidwe, ndipo m'chiwaya idzathetheka kwambiri, kunyala, n'kutuluka youma m'kati. Kwa inu amene mumagulitsa chiwalo chimodzichimodzi, kasitomala adzaona ntchafu yaing'ono.

Lachiwiri ndi la thanzi, ndipo apa chithunzi chilibe mphamvu. Kuzizira kwa filiza sikupha mabakiteriya, kumangowaimitsa. Nyama ikafunda amayambanso kuswana, ndipo ikaundananso amaima ali ochuluka momwemo. Malangizo a unduna wa zaulimi wa ku Amereka amati nyama imene yasungunuka koma ikadali ndi ayezi, kapena sinapitirire 4°C, mukhoza kuiundanitsanso; imene yakhala pamwamba pa 4°C kupitirira maola awiri, itayidwe. Tsono paketi imene inasungunuka pang'onopang'ono m'filiza yotseka, osapitirira 3°C, ndi ina imene inakhala masana onse kumbuyo kwa galimoto mu Okutobala, zikaundananso zimaoneka chimodzimodzi pachithunzi. Ayezi amakuuzani kuti madzi anayenda. Sakuuzani kuti kunatentha bwanji kapena kwa maola angati. Musadalirenso mphuno, chifukwa nyama youndana siinunkha, ndipo tizilombo todwalitsa tambiri sitisintha fungo. Kuphika bwino, mpaka pakati pa ntchafu pafike 74°C, kumapha mabakiteriya, koma ena amasiya poizoni amene moto suthetsa. Pansomba za m'nyanja yamchere monga makerele ndi tuna nkhaniyi ndi yaikulu kwambiri, chifukwa zikafunda zimapanga poizoni wotchedwa hisitamini, amene sachoka ndi moto kapena ndi filiza.

Chifukwa chake chigamulo changa n'chakuti paketi iyi musagule. Zikanakhala kuti inasungunukira m'filiza yanu, mukudziwa ola limene magetsi anathima ndi limene anayaka, ndipo munaigwira ikadali ndi ayezi, ndikanati phikani lero lomwe. Koma iyi mbiri yake simukuidziwa, ndipo odya ndi anthu a eni. Bambowo mwina nawonso anailandira ili choncho, musawatenge ngati akuba. Ingowapemphani ina.

Kuti musamabweze katundu wabwino, pali zinthu zingapo zimene zimanamiza pachithunzi. Chofala kwambiri ndi ayezi wa kunja kwa paketi. Mukatulutsa paketi m'filiza, makamaka nyengo ya mvula pamene mpweya uli ndi chinyezi, pakangopita mphindi zochepa imayera mbuu kunja konse. Ameneyo ndi wa mumpweya wa m'chipindamo, alibe mlandu. Mumamudziwa chifukwa amaphimba ngakhale zilembo za pachikuto, ndipo pamene munthu anagwira pamatsala zala. Auzeni apukute ndi kansalu kenako ajambule.

China ndi ayezi woikidwa dala. Mafakitale ambiri, makamaka a nsomba, amaviika chiwalo choundana m'madzi ozizira kapena kuchipopera, kuti chivale kachikuto ka ayezi kochiteteza kuti chisapse. Kachikutoka kamakhala koonekera, kosalala, kofanana mbali zonse, pamwamba ndi pansi pomwe, ndipo kamatsata maonekedwe a chiwalocho. Madzi osungunuka sachita chilungamo chotero: amakhuthala mbali imodzi n'kusiya ina yopanda kanthu. Ndipo kachikuto kameneka kakasweka m'njira, tizidutswa take timagwera pansi pa paketi. Tikakhala toyera, takuthwa m'mbali, toyendayenda, palibe chodetsa nkhawa. Tikakhala kuti tagwirana n'kusalala, tinasungunukapo.

Muonenso ngati pachikuto palembedwa kuti nkhukuyo inabayidwa madzi amchere. Ku Joni zimenezi n'zofala moti boma linaika malire mu 2016, kuti madziwo asapitirire 15 peresenti paziwalo ndi 10 peresenti pankhuku yathunthu. Nkhuku yotere imatulutsa madzi ambiri ikangofewa pang'ono, popeza madzi amchere amasungunuka pa kuzizira kumene madzi wamba akadali olimba. Ndiye dziwe lalikulu pakona silitanthauza nthawi zonse kuti inasungunuka yonse. Koma likutanthauzabe kuti inachoka kutali ndi -18°C, pamene inayenera kukhala.

Mafupa akuda asakuopseni. Nkhuku za chizungu zimaphedwa zili zanthete, mafupa ake asanakhwime, ndipo zikaundana mtundu wa m'mafuta a m'fupa umatulukira kunja n'kudetsa fupa ndi nyama yoyandikana nalo. Zimachitika ngakhale pa nkhuku imene yaundana kamodzi kokha.

Foni nayo imawonjezera zake. Fulashi ikawala papulasitiki imapanga chigamba choyera chofanana ndi kupsa, ndipo babu lachikasu la m'shopu limachititsa ayezi woyera kuoneka ngati wa madzi a nyama. WhatsApp imachepetsa chithunzi potumiza, ndiye timinga ta ayezi timafufutika n'kuoneka ngati ayezi wosalala. Chanuchi chatithandiza chifukwa anajambulira panja. Ulendo wina muwapemphe ajambule pamthunzi masana, opanda fulashi, kuwala kukuchokera cham'mbali, chifukwa kuwala kwa m'mbali ndi kumene kumasiyanitsa malo osalala ndi okhakhala. Atumize posankha Document kuti chithunzi chifike chathunthu. Ndipo chithunzi cha kumaso kwa paketi n'chimene chili ndi phindu lochepa kuposa zonse. Mufune cha kumsana, cha makona onse anayi, ndi cha pansi pa katoni ngati inabwera m'katoni. Katoni imene inanyowapo imakhala ndi mzere wa madzi wofiirira, imapindika, ndipo makona ake amafutukuka. Koposa zonse, apempheni kavidiyo ka masekondi ochepa akugwedeza paketi. Ziwalo zikamagubuduka chilichonse pachokha, ndi bwino. Zikayenda pamodzi ngati chinthu chimodzi, mwadziwa. Wochenjera akhoza kuimenyetsa pansi kuti zilekane, koma zikatero paziwalo pamatsala mapanga a ayezi wosweka ndi mbali zophwatalala.

Dziwaninso kuti chithunzi chikhoza kutsutsa paketi koma sichingaiyeretse. Nyama yomatidwa mothina, yochotsedwa mpweya, ikhoza kusungunuka n'kuundananso osasiya dziwe looneka, chifukwa madzi alibe kopita. Pamenepo mumangoona kamzere kofiirira kopyapyala m'mphepete mwa pomata. Ndipo nyama imene yachotsedwa m'paketi yake, kutsukidwa n'kuikidwa m'jumbo yatsopano, umboni wonse umatsala m'sinki.

Maso omwewa amagwira pa zakudya zina. Nsawawa zobiriwira kapena ndiwo zamasamba zoduladula za m'paketi zimayenera kukhala zomwazika. Zikagwirana pang'ono n'kulekana mukazifinya, kuzizira kunangosinthasintha, koma zikakhala chibuma cholimba chokhala ndi ayezi wobiriwirako pansi, zinasungunuka. Tchipisi cha m'paketi chimapindika n'kumatana. Ayisikilimu amanyala n'kusiya mpata m'mbali mwa chigubu, pansi pamakhala kamuyalo kolimba komata, ndipo pakamwa mumamva timibulu.

Za filiza yanu, poti paketi yabwino mukaigula idzakhala m'manja mwanu. Filiza yodzaza, yosatsegulidwa, imasunga kuzizira pafupifupi maola 48 magetsi atathima; yodzaza theka, pafupifupi maola 24. Choncho mipata muziitseka ndi mabotolo a madzi, osawadzaza mpaka kukamwa poti madzi amafufuma akaundana. Paketi mukaitsegula, ziwalo zotsala muziike m'majumbo ang'onoang'ono a tsiku limodzilimodzi, mufinye mpweya wonse musanamange, kuti pulasitiki imate nyama. Kathemomita ka m'filiza n'kothandiza, koma kamangonena za nthawi imene mukukayang'ana, osati za usiku. Ena amaika ndalama yachitsulo pamwamba pa kapu ya ayezi, koma njirayi imanamiza, chifukwa ayezi amayandama ndipo akhoza kuinyamula ndalamayo ngakhale theka lasungunuka. Ine ndimakonda botolo. Thirani madzi theka m'botolo loonekera, muligoneke mpaka madziwo aundane m'mbali mwake, kenako muliimike chilili pamwamba pa katundu, pafupi ndi chitseko, pamene pamayamba kufunda. Mukadzapeza ayezi yense akadali m'mbali, filiza sinafike posungunula. Mukapeza wina wakhala pansi pa botolo, tulutsani mapaketi a pamwamba muone makona ake, ndipo amenewo ndiwo ayambe kulowa m'chiwaya ngati mukudziwa kuti magetsi sanathime nthawi yopitirira imene filiza yanu imapirira.